Mpamba ubwerera liti? Kawerengedwe kake, ndi ndalama zimene funsoli siliona

Alamu anga atapuma ntchito yauphunzitsi anatsala ndi K8,000,000 m'manja, ndipo maganizo anali awiri. Oyamba anali ogula njinga zamoto ziwiri n'kupatsa anyamata kuti azichita kabaza pa Mangochi Boma, kuchokera ku msika kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi mpaka madera a kutsidya. Achiwiri anali oika chigayo cha dizilo kumudzi kwa akazi awo, cha ku Namwera, kumene amayi amayenda mtunda ndi chimanga pamutu. Atandipeza pakhonde ndi kope lawo la masamu, nkhani anali atamaliza kale mumtima.

"Alamu, njinga zibweza ndalama yanga chaka chachiwiri chisanathe. Chigayo mpaka chaka chachitatu. Pali chokambirananso apa?"

Masamu awo anali olondola. Njira imene anagwiritsa ntchito ndi imene mabuku a zamalonda amaitcha peyibaki, kutanthauza nthawi imene imadutsa kuti ndalama imene walowetsa ibwerere yonse m'thumba. Ine ndizingoti nthawi yobwezera mpamba. Ndikuonetsani kawerengedwe kake monga tinachitira pakhonde paja, kenako tiona pamene njirayi imatsinzina. Manambala ndawazunguliza kuti asavute kutsatira. Inu muikepo anu.

Gawo loyamba: lembani ndalama yonse yotuluka musanayambe kulandira

Mpamba si mtengo wa makina okha. Pa njinga tinawerengera kugula, kulembetsa, inshuwalansi ya chaka choyamba ndi zipewa. Pa chigayo tinawerengera injini, chigayo chenichenicho, mayendedwe okweza nacho phiri la ku Namwera, simenti ya pansi, malata a shedi, mmisiri wodzamanga makina, ndi dizilo woyambira. Chilichonse mwa ziwirizi chinakwana K8,000,000. Mukaiwala chinthu chimodzi pano, yankho lanu lidzafupika mwabodza, ndipo chimene anthu amaiwala kawirikawiri ndi ndalama yoyendetsera miyezi yoyamba.

Gawo lachiwiri: pezani ndalama yotsala m'manja chaka ndi chaka

Apa ndi pamene pali ntchito. Chimene tikufuna si ndalama yonse yolowa, komanso si phindu la m'mabuku a akaunti. Tikufuna ndalama yeniyeni yotsala mutalipira zonse zimene bizinesi imadya. Kutha kwa makina, kumene a akaunti amachotsera chaka chilichonse, musakuchotsere pano, chifukwa palibe amene mumamupatsa ndalama imeneyo; mtengo wa makina mwauwerengera kale mu mpamba. Koma malipiro a munthu wogwira ntchito achotseni, ngakhale munthuyo ndi mwana wanu kapena inu nomwe. Mukapanda kutero, thukuta lanu lidzaoneka ngati phindu la makina.

Njinga iliyonse mnyamata amapereka K10,000 patsiku. Tinawerengera masiku 25 pamwezi, osati 30, chifukwa pali Lachisanu kapena Lamulungu, pali maliro, pali tsiku limene mafuta asowa pa filingi siteshoni. Njinga ziwiri ndi K500,000 pamwezi, K6,000,000 pachaka. Kuchotsa matayala, tcheni, mabuleki ndi kukonza kwina kumene kumagwera mwini, K1,000,000, kutsala K5,000,000 chaka choyamba. Chaka chachiwiri njinga zimayamba kugona kwa makaniko, ndiye tinaika K4,000,000. Chachitatu K2,000,000, poti injini imafuna kutsegulidwa ndipo mnyamata wabwino safuna njinga yotopa. Chachinayi K1,000,000, kuphatikizapo kuzigulitsa monga zilili. Pamenepo nkhani ya njinga yatha.

Chigayo chimayenda mosiyana. Chaka choyamba anthu sanachizolowere, wogayitsa akuphunzira, sefa akung'amba pafupipafupi: K2,000,000. Chachiwiri K3,000,000. Kuyambira chachitatu tinawerengera ndowa 40 patsiku pa K1,000, masiku 25, zimene zikupereka K12,000,000 pachaka. Dizilo, oyilo, malamba, masefa, nyundo ndi malipiro zikudya K8,000,000, kutsala K4,000,000. Tinaika chomwecho mpaka chaka cha 8, kupatula chaka cha 5 chimene injini idzafuna kukonzedwa kwakukulu kwa K1,500,000, ndiye chaka chimenecho ndi K2,500,000.

Gawo lachitatu: chotserani mpaka ngongole ya mpamba ithe

Muuone mpamba ngati ngongole imene bizinesi ili nayo kwa inu. Chaka chilichonse chotsani ndalama yotsala m'manja ija pa ngongoleyo.

Njinga: K8,000,000 kuchotsa K5,000,000, kutsala K3,000,000 pakutha pa chaka choyamba. Chaka chachiwiri chikubweretsa K4,000,000, zoposa zotsalazo, choncho mpamba ukubwerera m'kati mwa chaka chimenechi. Kuti mudziwe mwezi, gawani zotsala ndi ndalama ya chaka chimenecho, n'kuchulukitsa ndi 12. K3,000,000 kugawa ndi K4,000,000 ndi 0.75, kuchulukitsa ndi 12 ndi miyezi 9. Yankho: chaka chimodzi ndi miyezi 9.

Chigayo: pakutha pa chaka choyamba kwatsala K6,000,000, pakutha pa chachiwiri K3,000,000. Chachitatu chikubweretsa K4,000,000, ndiye ndi miyezi 9 yomweyo. Yankho: zaka 2 ndi miyezi 9.

Chenjezo laling'ono pa miyezi imeneyi. Kugawa kotere kumayesa ngati ndalama imalowa mofanana mwezi uliwonse, pamene kuno si choncho. Chigayo chimalira usana wonse anthu akangokolola, koma Januwale ndi Febuluwale chimakhala duu nthawi yaitali. Wa boti la usipa amadziwa zimene mwera ndi nyengo yotseka nyanja zimachita ku thumba lake. Ngati bizinesi yanu ndi ya nyengo, lembani mwezi ndi mwezi m'chaka chimene mpamba ukubwerera, apo ayi mudzalonjeza munthu Seputembala ndalama n'kudzabwera Disembala.

Mpaka apa alamu anali atafika okha, ndipo njinga zinali zitapambana ndi chaka chathunthu.

Gawo lachinayi: phimbani ndi dzanja zonse za pambuyo pa tsiku lobwezera

Ndinatenga kope lija n'kuphimba ndi chikhatho mizere yonse ya chigayo kuyambira chaka cha 4 kutsika m'munsi.

"Alamu, tiyerekeze kuti chigayochi chapsa ndi moto pa 1 Januwale chaka chachinayi. Nthawi yobwezera mpamba ikhala yotani?"

Anayang'ana, n'kunena kuti ikhala yomweyo, zaka 2 ndi miyezi 9.

"Nanga titati chaka chachinayi chabweretsa K40,000,000?"

Anakhala chete pang'ono, kenako anaseka. Yankho silisintha. Kufooka kwa njira imeneyi kwagona pomwepa. Ikangoona kuti ndalama yabwerera, imatseka kope. Chigayo chopsa ndi chigayo chogaya zaka zina zisanu imazipatsa malikisi ofanana. Komatu munthu salowa bizinesi kuti ndalama yake ingobwerera. Akanafuna zimenezo akanaisiya pansi pa matiresi, pamene imabwerera tsiku lomwelo. Phindu lonse lili mu ndalama zobwera mpamba utabwerera kale, ndipo ndi ndalama zomwezo zimene njirayi siziwerenga.

Muyesereni nokha pa bizinesi iliyonse imene mukuganizira. Sinthani manambala a zaka za kumapeto, muwakweze kapena muwafafanize. Ngati chiganizo chanu sichikugwedezeka, ndiye kuti mwasankha musanaone theka la nkhani.

Gawo lachisanu: werengani mchira

Ndalama zobwera pambuyo pa tsiku lobwezera ine ndimazitcha mchira. Kuuwerenga n'kosavuta. Phatikizani ndalama zonse za moyo wa chinthucho, muchotse mpamba.

Njinga zikubweretsa K12,000,000 pa zaka 4. Kuchotsa K8,000,000, mchira ndi K4,000,000. Chigayo chikubweretsa K27,500,000 pa zaka 8, mchira ndi K19,500,000. Chimene chinachedwa ndi chaka chimodzi chikusiya ndalama zochuluka pafupifupi kasanu.

Kuti muwerenge mchira muyenera kuyankha funso limene peyibaki safunsa: chinthuchi chikhala zaka zingati chikugwira ntchito? Wogulitsa musamufunse, adzakuuzani za muyaya. Pitani kwa makaniko amene amatsegula mainjini otere, mufunse kuti amabwera kwa iye koyamba atagwira nthawi yaitali bwanji, ndipo zipangizo zake zimapezeka pa Boma pompano kapena mpaka ku Limbe. Pezaninso munthu amene ali nacho chinthucho kwa zaka zingapo, osati amene wagula chaka chino, pakuti wa chaka chino akadali m'nyengo yokoma.

Mchira ulinso ndi mbali yowawa. Si ndalama zolowa zokha zimene zimabisala kumeneko, zotuluka nazonso. K1,500,000 yokonzera injini chaka cha 5 ija sinaoneke konse pa yankho la zaka 2 ndi miyezi 9. Ndinaonapo munthu ku Makawa ataika firiji ya sola yosungira nsomba, atawerengera bwinobwino kuti ibweza msanga, ndipo inabwezadi. Koma mabatire atafooka ndalama yogulira ena panalibe, chifukwa zonse zobwera pambuyo ankaziyesa phindu loti adye. Firiji ili pakona mpaka lero, amasungiramo mbale. Choncho polemba mchira, funsani kuti ndi chiyani chachikulu chimene chidzafune kusinthidwa, chaka chiti, pa mtengo wanji.

Alamu sanagonje msanga, ndipo anachita bwino.

"Komatu alamu, njinga zikatha chaka chachinayi ndigula zina. Mukufanizira zaka 4 ndi zaka 8."

Zoona. Pofanizira zinthu za moyo wosiyana, zifikitseni pa zaka zofanana. Kugula njinga kawiri pa zaka 8 ndi mchira wa K4,000,000 kawiri, K8,000,000, ndipo tikuyesa kuti njinga zatsopano zidzapezeka pa mtengo womwewo. Aliyense amene anafunsa mtengo wa katundu wochokera kunja kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 akudziwa kuti kuyesa kumeneko n'kofewa kwambiri. Ngakhale titakulola, K8,000,000 ikadali kutali ndi K19,500,000.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: chepetsani mchira, poti ndalama ya mawa si ya lero

Apa anabwera ndi mwambi: fodya wako ndi amene ali pamphuno. K4,000,000 ya chaka cha 8 singafanane ndi K4,000,000 ya chaka chino. Akunena zoona, ndipo amene amangophatikiza mchira osauchepetsa amalakwitsa mbali inayo. Njira yake si kutaya mchira wonse monga achitira peyibaki, koma kuudula mtengo malinga ndi kutalika kwake.

Sankhani chiwongoladzanja chimene ndalama yanu ikanakudyerani mukanakongola, kapena chimene ikanakupatsani kwina. Ife tinatenga 25 pa 100. Ndalama ya chaka choyamba igaweni ndi 1.25, ya chachiwiri muigawe ndi 1.25 kawiri, ya chachitatu katatu, kumangotero. Pa foni ndi kungodina kugawa mobwereza. Kwa amene ali ndi Excel, ikani ndalama za zaka 8 mu B2 mpaka B9, kenako lembani:

```
=NPV(0.25,B2:B9)-8000000
```

Mpamba usalowe m'kati mwa mabulaketi, chifukwa Excel idzauyesa ndalama ya kumapeto kwa chaka choyamba n'kuuchepetsa nawonso, pamene inu mukuutulutsa lero.

Njinga zinatuluka motere: K5,000,000 ya chaka choyamba ikukhala K4,000,000, ya chachiwiri K2,560,000, ya chachitatu K1,024,000, ya chachinayi K409,600. Zonse pamodzi K7,993,600. Alamu anabwereza kawiri, poganiza kuti chala chaterereka. Pa chiwongoladzanja chimenechi njinga zija, zobweza msanga zija, sizikukwanitsa n'komwe K8,000,000, zikuperewera K6,400. Chigayo chikukwana pafupifupi K10,584,000, kupitirira mpamba ndi K2,584,000. Taonani mmene mchira wa K19,500,000 wafotera. K4,000,000 ya chaka cha 8 yasanduka K671,000 yokha. Mwambi wa alamu wagwira ntchito yake, koma chigayo chikadali patsogolo.

Ndiwonjezere kuti manambala athu onse tinawasiya pa mitengo ya lero, osakweza mtengo wogayitsa chaka ndi chaka, pamene 25 pa 100 uja ali kale ndi kukwera kwa mitengo m'kati mwake. Kuteroko kumapondereza kwambiri chinthu cha mchira wautali. Ngati chapambana chitaponderezedwa chomwecho, mutha kuchikhulupirira. Chikagonja pang'ono, bwererani mukakweze ndalama za zaka zam'tsogolo musanachitaye.

Gawo lomaliza: funsani ngati mchirawo mudzaugwiradi

Sindikunena kuti nthawi yobwezera mpamba ndi yachabe. Imayankha funso lina, lakuti ndalama yanga ikhala pangozi nthawi yaitali bwanji, ndipo pali anthu amene funso limenelo ndi lalikulu kuposa phindu. Ngati K8,000,000 ija ikanakhala ngongole yobweza pa zaka 2, chigayo chikanawamiza alamu, chifukwa pa zaka ziwirizo chikubweretsa K5,000,000 yokha, ndipo wokongoza sadikira chaka cha 6. Wotenga ndalama ku banki mkhonde, kumene amagawana pakutha pa chaka, ndiye asayerekeze n'komwe. Alamu ndalama inali yawo, ndipo penshoni ya mwezi ndi mwezi inalipo yogulira ndiwo, choncho akanatha kudikira.

Ine ndimaigwiritsa ntchito ngati sefa. Ndimayamba ndanena kuti sindingadikire kupitirira zaka zakuti, mwachitsanzo 3. Chilichonse chopitirira pamenepo chimagwa. Zimene zatsala sindizisankhanso ndi kufulumira, ndimazisankha ndi mchira wochepetsedwa uja. Cholakwa cha alamu chinali kugwiritsa ntchito sefa ngati sikelo.

Ndipo mchira wa pa pepala uli ndi adani ake, amene muyenera kuwatchula mayina. Wa njinga ndi kuba ndi ngozi, ndipo zimenezi zitha kugwa mpamba usanabwerere n'komwe. Wa chigayo cha dizilo ndi magetsi: mawaya a ESCOM akafika pamsika wapafupi wina n'kuika chigayo chamagetsi, adzagayitsa motchipa ndipo ndowa 40 zija zidzatsika. Tinayesa kudula pakati ndalama zonse za chaka cha 6 mpaka 8. Mchira unatsika kufika K13,500,000, ndipo titachepetsa ndi 1.25 chigayo chinapitirirabe mpamba ndi pafupifupi K1,300,000. Mdani ameneyu chinamupirira.

Amene sichikanamupirira ndi malo. Nditafunsa kuti shedi imangidwa pa malo a ndani, anati a malume a akazi awo, ndipo anagwirizana pakamwa kuti "muyambe mwaika zaka zitatu, tiona." Tinabwerera ku kope. Chigayo cha zaka 3 chikubweretsa K9,000,000, mchira K1,000,000 yokha. Makina mutha kuwazula n'kuwagulitsa kapena kuwasamutsa, koma simenti ndi shedi zimatsala, ndipo kumalo kwatsopano mukayambiranso chaka cha K2,000,000 chija. Zikatero njinga ndi K4,000,000 yake sizikuonekanso zoipa. Yankho la zaka 2 ndi miyezi 9 linali lomwelo pa malo a zaka 3 ndi pa malo a zaka 8, ndipo silikanawachenjeza chilichonse.

Loweruka lotsatira alamu anakwera minibasi ya ku Namwera ndi mapepala awiri olembedwa pamanja, limodzi loti asainirane ndi malume pamaso pa a mfumu kuti malowo ndi a zaka 10, ndi lina la mafunso okafunsa mwini chigayo wa pamsika za ndowa zimene amagaya mu Febuluwale.